Magetsi atabwera TV ndi matchaja zapsa, chonsecho ekisitenshoni yanga ndi yoteteza. Ndigule chiyani tsopano?

Membala wosatchula dzina:
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru, mtima sukukhazikika. Ndimachita lendi ku Chinsapo, ndili ndi kaokala pakhomo pomwepo, ndimagulitsa mafirizi komanso kutchaja mafoni a anthu. Lachiwiri magetsi anazima masana n'kubwera cha m'ma 7 usiku. Atangobwera, babu la pabalaza linawala modabwitsa, ngati dzuwa, kenako phuu, linaphulika. TV inatulutsa kautsi kumbuyo, adaputa ya dikoda inanunkha, ndipo matchaja atatu mwa asanu anaferatu. Firiji yapulumuka chifukwa ndinali nditaizula kuti ndiitsuke. Chomwe chikundipweteka n'chakuti zonsezi zinali pa ekisitenshoni yolembedwa SURGE PROTECTED, imene ndinagula modula dala kuti izi zisandichitikire. Kuwonjezera apo, foni yanga yatupa kumbuyo, chivundikiro chayamba kukanuka. Kodi anandigulitsa ekisitenshoni yabodza? Nanga ndigule chiyani ndisanayatsenso firiji? Ndi imene imadyetsa ana anga.

Make Tada:
Pepani mayi. Ife kwathu lamulo ndi limodzi: magetsi akangozima, mwana aliyense amadziwa kuthamangira kumasoketi kukazimitsa. Timasiya babu limodzi lokha loyatsa kuti litiuze akabwera, ndiye timadikira kaye mphindi khumi. Zaka zonsezi sitinapsetsepo kanthu.

Mnyamata wa ku Bangwe:
Anakuberani basi. Zambiri za mumsikazi amangolemba mawuwo pamwamba, mukatsegula mkati muli timawaya towonda ngati tsitsi ndi kagetsi kofiira, palibenso china. Gulani yeniyeni m'shopu yodziwika, nkhani yatha.

Wamagetsi wa ku Kawale:
Achimwene a ku Bangwe, zabodzazo zilipodi, ndatsegulapo zambiri. Koma pa nkhani ya mayiwa ngakhale yeniyeni ikanalephera. Mayi, ndiyankheni kaye ichi: usiku umenewo kwa aneba kunali bwanji? Alipo amene mababu awo ankayaka mofooka pamene anu ankawala kwambiri?

Membala wosatchula dzina:
Eya bambo, mwadziwa bwanji? Mayi a kuseri kwathu ankadandaula kuti hotipuleti yawo sinkafiira, babu likungoti psuu ngati kandulo. Koma nyumba ina kumtunda nawonso wailesi inapsa.

Wamagetsi wa ku Kawale:
Ndiye zikuoneka kuti waya wa nyutulo unaduka kapena unamasuka penapake pa laini yanu. Ndifotokoze pang'onopang'ono. Kuchokera pa thiransifoma pamabwera mawaya atatu amoto ndi umodzi wa nyutulo. Nyumba iliyonse imatenga wamoto umodzi ndi nyutulo, pakati pa awiriwa pamakhala mavoti 230, amene katundu wathu yense anapangidwira. Koma pakati pa mawaya awiri amoto pali mavoti 400. Nyutulo ikaduka, kaya chifukwa cha dzimbiri pa polo, kaya akuba mawaya a kopa pa thiransifoma, nyumba yanu ndi ya aneba amene ali pa waya wina zimagawana mavoti 400 aja, ndipo sizigawana mofanana. Amene wayatsa zinthu zolemera monga hotipuleti amalandira ochepa. Amene wayatsa zopepuka, TV, mababu ndi matchaja, ndi amene amalandira ochuluka, mwina kupitirira 300. Inu munali mbali yopepukayo.

Tsono ekisitenshoni yoteteza ija ntchito yake ndi ina. Mkati mwake, ikakhala yeniyeni, muli kachipangizo kozungulira ngati ndalama yachitsulo, nthawi zambiri kabuluu. Kamameza kulumpha kwa magetsi kwa kanthawi kochepetsetsa, kosakwana n'kuphethira komwe, monga kumene kumabwera mphezi ikagunda chapatali kapena magetsi akamalumikizidwa. Sikadula magetsi ayi. Mavoti akakwera n'kukhala pomwepo kwa mphindi, kachipangizoko kamatentha n'kupsa, moto n'kupitirira kukafika ku TV. Komanso kamatha mphamvu pang'onopang'ono nthawi iliyonse kakameza, moti ekisitenshoni ya zaka zitatu kudera lozimazima ikhoza kumaoneka bwinobwino koma chitetezo chinatha kale.

Chimene mukufuna inu ndi gadi, ija anthu amati gadi ya firiji kapena ya TV. Iyo imayeza mavoti nthawi zonse. Akatsika kwambiri, cha m'ma 180, kapena akakwera cha m'ma 260, imadula. Akabwerera m'malo mwake imadikira kaye isanalumikize. Ya firiji imadikira mphindi zitatu kapena kuposerapo, chifukwa kompuresa, injini ya firijiyo, ikazima n'kuyatsidwa nthawi yomweyo imalimbana ndi gasi amene sanakhazikike, imangolira huu osazungulira, n'kutentha. Mavoti otsika amaphanso kompuresa momwemo.

Koma chonde musayatse kanthu lero lino, ngakhale mutagula gadi. Vutolo likhoza kukhala likadalipo. Pezani munthu wa mita yoyezera ayeze pa soketi madzulo, nthawi imene anthu akuphika. Ikamasewera pakati pa 220 ndi 240, zili bwino. Ikamalumpha, pano 190, pano 270, makamaka aneba akayatsa ketulo, zimitsani meni switchi, mukanene kwa eni magetsi kuti mukukayikira nyutulo. Mupite angapo a pa laini imodzi, ndipo zopsazo musataye, muzijambule.

Bambo a ku Mzuzu:
Bwanji osangoika sola? Ine ndinaika panelo ndi batire chaka chatha, za kuzimazima ndinaiwala.

Membala wosatchula dzina:
Bambo, sola yoyendetsa firiji yaikulu ndalama zake sindingazikwanitse pano. Funso langa ndi la kuteteza zimene ndili nazo.

Achimwene a ku Joni:
Kuno nthawi ya kuzimazima kwa magetsi tinaphunzira mowawa, gadi pa firiji aliyense ali nayo. Koma ndikufuna ndionjezere za mapulagi. Katundu amene timatumiza kumudzi amabwera ndi pulagi ya kuno, ya mano atatu ozungulira, kapena ya mano awiri, pamene soketi za kwathu ndi za mano atatu a makona. Ndinapita kwathu pa Khirisimasi ndinapeza mlongo wanga akutsegula bowo lapamwamba ndi cholembera kuti akakamize tchaja ya mano awiri. Ketulo imene ndinatumiza inali pa kaadaputa kotchipa, kali bii, katasungunuka mbali imodzi.

Wamagetsi wa ku Kawale:
Apo mwanena zoona achimwene. Pulagi ikamagwedera mu soketi pamathetheka timoto, mumamva kuti tsi tsi, ndipo timoto timeneto timapsereza soketi ndi kuononga tchaja. Ketulo kapena ayironi ya ku Joni ingodulani pulagi yakeyo muikepo ya kwathu, yokhala ndi fyuzi mkati. Fyuzi yolembedwa 13A ndi ya zinthu zotenthetsa, TV ndi dikoda zimakwanira ndi ya 3A kapena 5A. Ndipo ekisitenshoni yonse, ngakhale ikhale ya mabowo asanu ndi limodzi, malire ake ndi 13A yomweyo, pafupifupi mawati 3000, ikakhala ya waya wabwino. Ketulo imodzi imadya cha m'ma 2000. Firiji ikhale pa soketi yakeyake ya pakhoma ndi gadi yake, osati pamodzi ndi matchaja.

Wokonza mafoni mu Limbe:
Ine ndiyankhe za foni yotupayo, chifukwa anthu akuidumpha pamene ndi yoopsa kuposa TV. Mayi, lekani kuitchaja lero lomwe. Musaikanikize kuti chivundikiro chitsekeke, musaiboole kuti mpweya utuluke, musagone nayo pamtsamiro. Muizimitse, muiike pa simenti kutali ndi nsalu mpaka mukasinthitse batire. Batire yotupa sibwerera mwakale, ndipo ikabooka imayaka moto wovuta kuzimitsa.

Koma sindikukhulupirira kuti yatupa chifukwa cha Lachiwiri lokha. Kutupa kumayamba kale, chifukwa cha kutentha ndi ukalamba wa batire. Mu okala ya malata masana kumatentha, ndiye mafoni ataunjikana pamodzi akutchajidwa, kutentha kumachuluka. Matchaja otchipa amawonjezera vutolo. Tchaja yabwino imalembedwa `Input: 100-240V`, ndipo mavoti akatsika kapena kukwera pakati pamenepo iyo imatulutsabe `5V` wosasintha. Yotchipa imalembedwanso chimodzimodzi, kulemba sikuvuta, koma mkati anachotsamo zosefera ndipo mbali ya moto waukulu inayandikana kwambiri ndi mbali yopita ku foni. Ikafa, moto umatha kuwolokera ku foni. Ndimalandira mafoni otere, polowera tchaja pali bii, bodi itapsa.

Mmene mungaizindikire: ikani foni pa tchaja muyese kulemba uthenga. Ngati sikirini ikudumphadumpha, mukadina chilembo ichi pakubwera china, koma mukazula zonse zili bwino, tchajayo itayeni. Chimodzimodzi ngati ikulira tswii, ngati ikutentha moti simungaigwire nthawi yaitali, kapena ngati m'mbali mwa foni mukumva kunyerenyetsa. Yopepuka ngati chibokosi cha machesi chopanda kanthu ndimaikayikiranso. Matchaja awiri amene apulumuka aja musawakhulupirire, anamwa nawo moto womwewo.

Mnyamata wa ku Bangwe:
Za kulemera zija musadalire, ena amaikamo kachitsulo kuti ilemere. Koma nanga sitabilaiza bwanji? Si ndiye yabwino kuposa gadi, poti imakonza mavoti m'malo mongodula?

Wamagetsi wa ku Kawale:
Imathandiza kumene mavoti amakhala otsika madzulo alionse, chifukwa kumeneko gadi imangodula firiji n'kukhala yozima maola ambiri. Koma ili ndi malire ake olembedwa kumbuyo, ndipo si zonse zimene zimadula moto ukapitirira malirewo. Pa vuto la nyutulo ine ndimadalira chodula. Chilipo chachikulu choika pa bokosi la magetsi, choteteza nyumba yonse mpaka mababu, chimaonetsa mavoti pa kasikirini. Chimenecho aike wamagetsi wa chiphaso cha MERA, ndipo poti ndi nyumba ya lendi, muyambe mwalankhula ndi alandilodi. Akabwera ayezenso ethi ya nyumbayo, waya wachitetezo wopita m'nthaka, chifukwa nyumba zambiri za lendi waya wa ethi umangothera m'khoma. Mphezi ikagunda pafupi palibe gadi imene ingapirire, nthawi ya dzinja kuzula mapulagi ndi waya wa dishi kukadali kofunika.

Make Tada:
Ndiye mwabwerera kwa ine, kuzimitsa ndi manja sikufuna ndalama.

Wokonza mafoni mu Limbe:
Zoona mayi, koma magetsi akabwera 2 koloko usiku, kapena nyutulo ikaduka magetsi ali chiyakire, adzathamangire ku soketi ndani?

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. Mwana wa aneba amaphunzira zamagetsi, wabwera ndi mita madzulo ano. Poyamba inaonetsa 248, mayi a kuseri atayatsa hotipuleti inakwera kufika 281, ife tikuona ndi maso. Tazimitsa meni switchi, mawa m'mawa tikupita nyumba zinayi kukanena. Foni ili pa simenti kukhonde. Alandilodi akuti choika pa bokosicho ndigule ndekha, ndipo ndikadzasamuka ndisadzachotse, ndiye pakali pano ndiyamba ndi gadi ya firiji. Bambo a ku Kawale, matchaja asanu angakhale pa gadi imodzi ya TV kudzera pa ekisitenshoni, kapena iliyonse ikufuna yake?

Wamagetsi wa ku Kawale:
Imodzi ikwanira, matchaja asanu a foni wamba safika ngakhale mawati 100. Gadi pakhoma, ekisitenshoni pa gadi. Koma ija yolembedwa SURGE PROTECTED musaigwiritsenso ntchito musanaitsegule. Mukapezamo kabuluu katang'ambika ndi mwaye, inali yeniyeni ndipo inafa ikuyesetsa. Mutijambulire tione.