Zikomo, tsamba la kwaya yathu lapepuka

"Ndaika makanema 6 a YouTube ndi zithunzi 40 patsamba la kwaya yathu, koma pafoni likuchedwa kutseguka. Nditani?" Limeneli ndi funso lomwe ndinafunsa.

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinayamba ndi malangizo a achimwene aja amene anati ndiyeze kaye. Nditatsegula Network mu DevTools ya Chrome, ndinaona kuti tsambalo linali la 120 MB, ndipo pafupifupi zonsezo zinali zithunzi. Chilichonse chinali cha 3 MB, mulifupi mapikiselo 4000, monga chinachokera mufoni. N'chifukwa chake bandulo ya anthu inkangotha.

Ndinazichepetsa kukhala ziwiriziwiri: chaching'ono cha mapikiselo 400 choonekera pamndandanda, ndi chachikulu cha 1600 chobwera pokhapokha munthu akadina. Zonse ndinazisunga ngati WebP, ndipo zing'onozing'onozo zinatsikira pa 30 KB.

```html
<img src="kwaya1-400.webp" width="400" height="300" loading="lazy" alt="Kwaya ikuimba">
```

Musasiye `width` ndi `height`, apo ayi mawu amadumphadumpha zithunzi zikamafika, munthu n'kudina polakwika. Komanso chithunzi chapamwamba penipeni musachiike `loading="lazy"`, chifukwa chimachedwa kuoneka pomwe ndicho choyamba kufunika.

Za makanema ndinatsatira achemwali amene anati `iframe` iliyonse ya kanema wa YouTube imakoka JavaScript yambiri munthu asanaonere n'komwe. M'malo mwake ndinaika chithunzi chokhala ndi batani, ndipo `iframe` imalowa akadina. Pamafoni ena munthu amafunika kudina kawiri kuti kanema ayambe, koma zimenezo n'zopiririka. Tsopano tsamba likamatseguka silifika ndi 1 MB yomwe.