Thandizeni: akuti "Mbuzigate", kodi akundinena kuti ndine mbava?

Membala wobisa dzina: Adimini ndibiseni dzina chonde. Ndine msungichuma wa komiti ya chinkhoswe cha mdzukulu wanga. Udindowu sindinaupemphe, anachita kundikakamiza ati poti ndimagwira ntchito mtauni. Mayunitsi oimbira anthu ndi anga, minibasi yopita kumsika ndalama yanga, palibe ananenapo zikomo. Alamu anga aakulu mpaka lero sanasonkhe, koma ndi amene amalemba kwambiri pa gulupu. Dzulo alemba kuti #Mbuzigate ndi mawu ena okhudza nthawi, anthu n'kuyamba kuseka, ngakhale akazi anga aikapo kankhope koseka. Ine shuga wanga ndi wokwera kale. Mawuwa achokera kuti? Ndituluke mu gulupumo kapena ndikawaitanire ankhoswe?

Nambewe: Achimwene, mwatiuza za shuga ndi minibasi, koma mawu enawo simunatiuze. Analemba kuti chani kwenikweni?

MBADWA YOKWIYA: Palibe chofunsa apa! Ndi Cashgate imeneyo. 2013, ndalama za boma zimatuluka pa geti la Capital Hill m'mabuti a galimoto, n'chifukwa chake akuti gate. Mkulu woona za bajeti anaomberedwa mu Sepitembala chaka chomwecho, azungu n'kusiya kutithandiza pa bajeti, m'zipatala mankhwala mbee. Inu mukuseka za mbuzi, ife tikulirabe!

Mnyamata wa Kabaza: Funso langa ndi limodzi. Mbuziyo ili kuti? 😂

Mayi a Mapasa: Ine za makomiti ndinasiya. Pa ukwati wa mng'ono wanga anandinena kuti ndabisa makireti atatu a zakumwa, kenako anakawapeza kubafa kwa apongozi ake. Kupepesa? Mpaka lero. Tulukanimo bambo, mudzafa ndi mtima.

Aphunzitsi Opuma: A Mbadwa, chaka mwakhoza koma za geti ayi. Atolankhani athu anabwereka mchira umenewo, unalipo kale. Gwero lake ndi Watergate, dzina la nyumba zikuluzikulu mumzinda wa Washington, m'mbali mwa mtsinje wa Potomac, momwe muli hotela ndi maofesi. Pa 17 Juni 1972 usiku, anthu asanu anagwidwa atathyola ofesi ya chipani cha Democratic m'menemo. Mlonda ndi amene anaona kuti loko wa chitseko wamatidwa ndi tepi kuti asatsekeke. Kufufuza kunafika mpaka kwa anthu a Pulezidenti Richard Nixon, ndipo iye anatula pansi udindo mu Ogasiti 1974. Kuyambira pamenepo nkhani yochititsa manyazi ikabuka, amangotenga dzina la chinthucho n'kuphatikapo gate.

MBADWA YOKWIYA: Chilichonse Amereka, Amereka! Ndiye Maizegate ya 2017, chimanga cha ku Zambia chija, nayonso ndi ya Nixon? Anthu ophunzira inu ndi amene mumatisokoneza.

Gogo wa ku Harare: Mwanawe khala pansi. Ife kuno tinali ndi Willowgate mu 1988, iwe Cashgate usanailote. Nduna zimagula galimoto ku fakitale ya Willowvale pamtengo wa boma n'kukagulitsa mokwera. Geti la Capital Hill linalowapo pati pamenepo?

MBADWA YOKWIYA: Agogo, ndi ulemu wonse, za ku Zimbabwe zikhale konko. Kuno akuba athu tikuwadziwa, ena akuyenda pa magalimoto a magalasi akuda.

Nambewe: Mwini funso, tikudikirabe mawu aja.

Membala wobisa dzina: Pepani, foni inathima. Analemba chonchi: "#Mbuzigate. Lipoti la msungichuma lasowa mphindi 18 ndi theka." Komatu voisi yanga inali ya mphindi ziwiri zokha. Ndinatumiza zitatu, yapakati ndinaifufuta chifukwa mwana amalira kumbuyo. Alamuwo ndi aja amadzitama kuti anaphunzira mbiri ku Chanco.

Aphunzitsi Opuma: Ohoo, mukanayamba ndi zimenezi! Nthabwala yonse ili pa nambalayo. Nixon ankajambula mobisa zokambirana za mu ofesi yake. Ofufuza atafuna matepiwo, chakumapeto kwa 1973 zinadziwika kuti tepi ya pa 20 Juni 1972, patangopita masiku atatu anthu aja atagwidwa, ili ndi mpata wa mphindi 18 ndi theka pomwe pamangomveka phokoso. Pamenepo Nixon ankalankhula ndi mkulu wa ogwira ntchito ake, Haldeman. Mlembi wake, Rose Mary Woods, anati mwina anafufutako mphindi zisanu mwangozi poyankha foni phazi lili pa chopondera cha makina. Atamuuza kuti asonyeze mmene zinachitikira, anachita kudzitambasula thupi lonse kuti afikire foni uku akupondabe, chithunzicho anthu anachiseka dziko lonse. Akatswiri atapima tepiyo anapeza kuti inafufutidwa kasanu kapena kuposa, osati kamodzi. Ndiye alamu anu akuti voisi yomwe munafufuta ndi yomwe munali nkhani ya mbuzi, ndipo "mwana amalira" ndi "ndimayankha foni" wanu. Ndi nthabwala yakuthwa ndithu, koma akuseka kufufutako, sanatchule kuba.

Mnyamata wa Kabaza: Alamu awa ndi adolo, ndawavulira chipewa. Koma mu gulupumo amene anamvetsa ndi angati? Enawo amangoseka mawu oti mbuzi.

Mayi Busa: Ndi adolo chani? Munthu wosasonkha alibe pakamwa. Komanso inu amayi a kunyumba kuseka amuna anu pagulu, ayi, si mwambo umenewo.

Mayi a Mapasa: Mayi Busa musayambe za akazi, akanaseka mwamuna bwenzi muli chete.

Wa Makompyuta ku Joni: Nthawi ina osavutika kufunsa gulu la anthu olusa ngati lino. Lembani mawuwo pa Google monga mmene alili, m'kati mwa zizindikiro, mwachitsanzo `"18 and a half minutes"`, nambala yachilendo ngati imeneyo imakufikitsani pa gwero nthawi yomweyo. Mukafuna kudziwa ngati mawu analipo chaka china chisanafike, onjezerani `before:2013-01-01`. A Mbadwa yesani ndi `Willowgate`, muona nokha. Ndipo mu WhatsApp momwemo sakani `Mbuzigate`, muone amene anayamba kulemba, mwina si alamuwo. Chenjezo lokha: chakale kwambiri chomwe mwapeza si ndiye kuti ndi choyamba. Mawu ambiri kwathu amayambira pa wailesi, pa msonkhano wa ndale kapena m'minibasi, amafika pa intaneti atatha kale miyezi akuyenda pakamwa.

MBADWA YOKWIYA: Bandulo yake mundigulira inu? Ine ndikuti mbava ndi mbava, ya mbuzi kapena ya mabiliyoni. Achimwene onetsani malisiti basi. Dziko lino linaonongeka chifukwa chosekerera. Ndipo a Joni mubwere mudzavote, osamangophunzitsa anthu Google muli kunja.

Nambewe: Pamalisiti pokha a Mbadwa anena zoona. Jambulaninso voisi ija mwana atagona, tumizani ndi chithunzi cha kope la zosonkha, dzina la alamuwo lioneke kuti mzere wawo uli mbuu. Ankhoswe asiyeni, angakusekeninso.

Aphunzitsi Opuma: Kapena muwayankhe m'chinenero chawo chomwecho, kuti tepi yapezeka, tsopano tikufufuza Chosonkhagate.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Koma vuto ndi loti wogulitsa mbuziyo sapereka malisiti, ndipo foni yake sikupezeka kuyambira Lachiwiri.

Mnyamata wa Kabaza: Ndinafunsa ine kuti mbuziyo ili kuti, munandinyoza.

MBADWA YOKWIYA: MWAONA?