SOL yandigundira sitopu chonsecho tchati yake inali bwinobwino, ndikuphonya pati?

Wa pa Luchenza: Akuluakulu a pagulu pano ndithandizeni maganizo. Lachiwiri ndinalowa SOLUSDT, kutanthauza kuti ndinagula koini ya SOL ndi USDT, imene imayenda ndi mtengo wa dola, pa 150, pa kandulo za maola anayi. Mtengo unali utaboola rezisitansi ya 148, malo amene unkakanidwa kukwera, n'kubwerera kudzaigunda, n'kukana kutsika. Sitopu, oda yonditulutsa mtengo ukatsika, ndinaika pa 144, phindu ndimafuna kutengera pa 165. Madzulo ake SOL inagwa mpaka 141, sitopu inadyedwa. Ndinalinso ndi makoini a AVAX ndi LINK, setapu yofananayo, zonse zitatu zinapita mu ola limodzi. Mu akaunti munali madola 200, ndipo pa iliyonse ndinalola kutaya madola 4. Kodi setapu yoboola ndi kubwererayi inasiya kugwira ntchito, kapena pali china?

Kabaza wa pa Bvumbwe: Amwene musavutike, ndi eni pulatifomuwo. Amaona pamene anthu aika masitopu n'kukawasaka dala. Ine inandidya kenako inakwera ndikuona.

Mayi a Tadala, Chitakale: Achimwene a ku Luchenza, musanaimbe mlandu aliyense, tsegulani BTCUSDT, tchati ya bitikoini, pa ola lomwelo. Inali pati pamene mumalowa, ndipo inatsika bwanji?

Wa pa Luchenza: Ndaona achemwali. Bitikoini inali yatsala pang'ono, mwina 1 peresenti, kufika pamwamba pomwe inakanidwapo kale. Inakanidwanso, inatsika ndi 3 peresenti. Koma 3 yokhayo ingagwetse makoini atatu?

Mayi a Tadala, Chitakale: Ingagwetse, ndipo ndi zimene zachitika. Ma alitikoini ambiri, makoini ena osati bitikoini, mtengo wake umatsatira bitikoini, ndipo potsika amaposa. Bitikoini ikatembenuka mwadzidzidzi, makompyuta a makampani amene amaika maoda ogula ndi ogulitsa pamsika amachotsa kapena kutsitsa maoda ogulira pa makoini onse nthawi imodzi. Msika wa SOL kapena AVAX ndi wopyapyala poyerekeza ndi wa bitikoini, ndiye wogulitsa akabwera amapeza ogula ochepa, mtengo umatsetsereka. Kenako amene analowa ndi levareji, ndalama zobwereka, amayamba kutsekeredwa mokakamiza, kutsekako n'kugulitsanso, mtengo n'kupitirira kutsika. Rezisitansi ija ya 148 itabooledwa inasanduka sapoti, malo amene mtengo umakana kutsika, ndipo inali yeniyeni, koma ogula amene amaiteteza anachokapo chifukwa cha nkhani yosakhudza SOL n'komwe.

Tiyeni tiwerengere nkhani yanuyi. Kuchoka pa 150 kufika pa 144 ndi 4 peresenti. Bitikoini yatsika 3, SOL yatsika kuchoka 150 kufika 141, imeneyo ndi 6. Ndiye tsiku limenelo SOL imayenda kawiri mtunda wa bitikoini. Kutanthauza kuti bitikoini ikanangotsika 2 peresenti yokha, sitopu yanu inali yapita kale. Ndipo inu munalowa bitikoini ili pakhomo pa malo amene inakanidwapo. Kutsika 2 peresenti kuchokera pamalo otero ndi zinthu wamba kwa bitikoini.

Za makoini atatuwo, mumaona ngati mwagawa ndalama m'malo atatu, koma munabetcha kamodzi kokha kuti bitikoini sitsika. Zili ngati kudzala madimba atatu m'mbali mwa Ruo yemweyo: mvula ikagwa kuphiri onse amamira limodzi. Munaika pachiswe madola 12, kapena kuti 6 peresenti ya akaunti, osati 2 imene mumaganiza.

Wa pa Luchenza: Zikumveka. Nanga ndisanalowe ndingaone bwanji kuti koini ikutsatira bitikoini kwambiri kapena pang'ono?

Mayi a Tadala, Chitakale: Pa TradingView, muli pa tchati ya SOLUSDT, sakani `Correlation Coefficient`, ikakufunsani chizindikiro lembani BTCUSDT. Imapereka nambala pakati pa -1 ndi 1. Ikayandikira 1 ndiye kuti ziwirizo zikuyenda limodzi. Ine ndikaona yadutsa 0.7 ndimadziuza kuti ndikugula bitikoini yovala malaya ena, ndiye tchati ya bitikoini ndiyo iyambe kundivomereza. Nambala ya 0.7 ndi muyezo wanga chabe, ena amaika pena.

Koma nambalayo imangonena kuti akuyenda mbali imodzi, sinena kuti SOL ipita patali bwanji. Zimenezo ndimayeza pamanja. Ndimabwerera m'mbuyo milungu ingapo, ndimapeza pamene bitikoini inatsika mooneka katatu kapena kanayi, n'kuyeza kuti SOL inatsika zingati pa kandulo zomwezo. Ikapezeka kuti ndi kawiri, ndimayang'ana sapoti yapafupi ya bitikoini. Ikakhala 3 peresenti pansi, ndiyembekezere 6 pa SOL. Sitopu ya 4 ili m'kati mwa njira, singapulumuke.

Aphunzitsi a ku Thekerani: Mayi, pa chida chija ndiwonjezerepo. Chimayerekeza mitengo yotsekera yeniyeniyo, osati kusintha kwa kandulo ndi kandulo. Zinthu ziwiri zikamangokwera nthawi imodzi chimaonetsa nambala yaikulu ngakhale mayendedwe a tsiku ndi tsiku asakufanana. Ine ndimalemba maperesenti a kusintha kwa masiku 30 mu Excel, bitikoini mu kolamu B, koini mu kolamu C, kenako:

```
=CORREL(B2:B31,C2:C31)
=SLOPE(C2:C31,B2:B31)
```

Yachiwiriyo imakupatsani kuchulukitsa kuja mumayeza pamanja. Koma netiweki ya kuno, kutsitsa manambalawo ndi ntchito ina payokha.

Jah B wa pa Limbuli: Zonsezi zatalika. Ingoonani BTC.D basi. Ikamatsika ndiye kuti ndalama zikupita ku ma alitikoini, gulani.

Mayi a Tadala, Chitakale: Nthawi zina mukunena zoona a Jah B, koma BTC.D ndi gawo la bitikoini pa msika wonse, ndipo mu msika wonsewo amawerengeramo USDT ndi USDC, zimene nthawi zambiri sizitsika mtengo. Bitikoini ikagwa gawo lake likhoza kuchepa pamene ma alitikoini nawonso akulira. Ngati mukufuna kudziwa mphamvu ya koini imodzi, tsegulani SOLBTC, mtengo wa SOL poyerekeza ndi bitikoini. Ikamakwera ndiye kuti SOL ikuposa bitikoini payokha. Ikakhala yagona kapena ikutsika pamene SOLUSDT ikukwera, kukwerako n'kobwereka.

Nambewe: Pepani kulowerera, ine ndinagula bitikoini yenyeniyo pang'ono ndangoisunga, ndiye ndigulitse?

Aphunzitsi a ku Thekerani: Ayi achemwali, pano tikukamba za olowa ndi kutuluka pa masiku ochepa. Yanuyo tsegulani funso lake padera.

Wa pa Luchenza: Ndiye Lachiwiri lija ndikanangokulitsa sitopu?

Mayi a Tadala, Chitakale: Mukanatha kuiika 7 peresenti pansi, koma kuti mutayebe madola 4 okha mukanalowa ndi madola pafupifupi 57 m'malo mwa 100. Ndipo phindu lanu pa 165 linali 10 peresenti. Kuika 7 kuti mupeze 10, ine sindingalowe. Ndikanadikira kandulo ya maola anayi ya bitikoini itseke pamwamba pa rezisitansi ija. Kuno zimatseka 2, 6 ndi 10 koloko, usana ndi usiku. Ndipo ndikanasankha koini imodzi pa zitatuzo, imene tchati yake yoyerekeza ndi BTC ili yamphamvu. Muzikumbukiranso kuti nambala yaing'ono ya `Correlation Coefficient` pa masiku abata si chitetezo. Pa 19 Meyi 2021 ndi pa 10 Okutobala 2025 pafupifupi makoini onse anagwera limodzi.

Jah B wa pa Limbuli: Mukamadikira kandulo itseke SOL imakhala yafika kale 156, setapu yathawa. Ine ndimalowa msanga ndi kochepa, ikatsimikiza ndimawonjezera.

Mayi a Tadala, Chitakale: Zina zimandithawadi, sindikana. Koma powonjezera pa 156 sitopu mumaisiya pa 144 pomwepo kapena mumaikweza?

Jah B wa pa Limbuli: Zimatengera tsiku lake mayi.

Kabaza wa pa Bvumbwe: Ine ndikuti amasaka masitopu basi, manambala anuwo sanayankhe chifukwa chake imakwera ikangondidya.