Bambo akumva kuwawa kumanja koma pa ekisireyi choyera chili kumanzere, kodi sanalakwitse?

Nachisale: Anzanga a pagulu pano, odziwa za kuchipatala ndithandizeni msanga. Ndine gadiyani wa bambo anga, agonekedwa kuwodi. Akhala akudandaula nthiti za kumanja, akupuma mobanika, ndipo amagonera mbali ya kumanja komweko chifukwa akatembenuka mpweya umawathera. Awajambula ekisireyi ya pachifuwa, adokotala akuti muli madzi kumanja ndipo mawa awapopa. Koma filimu ija ndaiyang'ana pawindo, mbali yakumanja ndi yakuda bwinobwino, nthiti zikuwerengeka. Choyera chadzaza mbali ya KUMANZERE, kuyambira pansi mpaka chapakati. Ndiye azibaya kuti? Ndikuopa kufunsa, angati ndikuwaphunzitsa ntchito.

Achimwene a ku Ndirande: Chemwali mtima m'malo. Ekisireyi ndi kalilole basi, imatembenuza zinthu. Chakumanja chimapita kumanzere. Ndi mmene makina ake anapangidwira.

Wojambula ekisireyi: A Nachisale, pepani ndi matenda. Ntchito yanga ndi yomweyi, yojambula. Zimene mwaonazo zikugwirizana ndi zimene adokotala anena, koma chifukwa chake si kalilole ayi achimwene, makina satembenuza kanthu.

Chithunzi cha pachifuwa timachiwerenga ngati wodwalayo waima patsogolo pathu, tikuyang'anizana naye maso ndi maso. Bambo ataima patsogolo panu pompano, dzanja lawo lamanja likhala mbali ya dzanja lanu lamanzere. Phapo lawo lakumanja chimodzimodzi. Choyera chimene mukuchiona kumanzere kwanucho chili kumanja kwa bambo. Kuchipatala tikati kumanja kapena kumanzere timanena za thupi la wodwala nthawi zonse, osati za munthu wagwira filimu.

Tsono kuti mutsimikize nokha, chitani izi. Yang'anani m'makona a filimuyo, kawirikawiri m'mwamba chakumapewa, mupeza chilembo R kapena L. R ndi mbali yakumanja ya wodwala, L yakumanzere. Gwirani filimu moti R akhale kudzanja lanu lamanzere, kapena L kudzanja lanu lamanja. Chilembocho chikakhala mbali inayo, ndiye kuti mwaigwirira kuseri, itembenuzeni. Mundiuze chimene mwapeza.

Nachisale: Ndamupeza R, ali pakona m'mwamba, mbali yomwe kuli choyerayo. Koma bwanji osangoiika molunjika kuti kumanja kukhale kumanja? Kusokoneza anthu dala?

Wojambula ekisireyi: Filimu ilibe kumaso ndi kumbuyo kwenikweni. Ndi mthunzi wa mkati mwa chifuwa umene wagwera pa chinthu choonekera mbali zonse ziwiri, ndiye mutha kuiyang'anira uku kapena uku, chithunzi chioneka ndithu. Mukaiyang'anira mbali ina, zili ngati mwaima kumbuyo kwa bambo, kumanja kwawo kukhala kumanja kwanu monga mukufuniramu. Palibe cholakwika pa sayansi yake. Kungoti madokotala dziko lonse anagwirizana njira imodzi, ndipo anasankha ya maso ndi maso chifukwa ndi mmene amaimira poyeza wodwala. Akaika chomvera pachifuwa cha bambo kumanja, dzanja lawo limapita mbali yomwe choyeracho chili pafilimu. Aliyense atamaigwira mmene wafunira, ndiye anthu akanabayidwadi mbali yolakwika.

Chodabwitsa n'chakuti pojambula, ambiri timawajambulira kumbuyo. Wodwala amaima, chifuwa atagunditsa pabolodi, manja m'chiuno, mapewa atakankhira kutsogolo, makina ali kumsana pamtunda wa masentimita pafupifupi 180. Imeneyi ndi imene imalembedwa PA. Wodwala wosatha kuima timamujambula ali pabedi, bolodi kumsana makina kutsogolo, imeneyo ndi AP. Njira ziwiri zosiyana, koma poonetsa chithunzi zonse timaziika mofanana, R kumanzere kwa woyang'ana.

Mwana wa sukulu ya zaumoyo: Njira yachidule imene ine ndimagwiritsa ntchito: iwalani zilembo, yang'anani mtima. Mtima umakhala kumanzere kwa munthu, ndiye pachithunzi chogwiridwa bwino umatsamira kudzanja lanu lamanja. Mukauona kumeneko, zonse zili m'malo. Sizinandilepherepo.

Nabanda: Zikulepherani pa ine mwana wanga. Ine mtima wanga uli kumanja, chiwindi kumanzere, ndinabadwa choncho. Nditajambulidwa koyamba, amene anandiona anangoiyang'ana filimu n'kuitembenuza, amvekere wojambula walakwitsa chilembo. Anandilembera kuti zonse zili bwino. Zinadziwika patapita nthawi pamene wina anasowa kugunda kwa mtima kumanzere n'kukakupeza kumanja. Masiku ano ndimayamba ndanena ndisanavule bulauzi.

Wojambula ekisireyi: Zikomo mayi, mwandithandiza. Anthu obadwa ziwalo zitasinthana mbali alipo, pafupifupi mmodzi pa anthu 10,000. Ndiye wophunzira iwe, chilembo ndi mtima zikatsutsana usatembenuze filimu kuti igwirizane ndi zimene ukuyembekezera. Pita kwa wodwala ukagwire pamene mtima ukugunda, kapena bwera kuno udzatifunse, tikhoza kujambulanso.

Komanso mtima umasuntha. Madzi ochuluka kapena mpweya wotsekeredwa mbali imodzi umaukankhira mbali inayo. Phapo lofota, kapena loti linadyedwa ndi chifuwa chachikulu n'kusiya zipsera, limaukokera mbali yake. Ndaonapo mtima utakokedwera kumanja ndi zipsera zakale mpaka munthu kuganiza kuti ndi nkhani ngati ya a Nabanda. Ndipo madzi akakhala kumanzere, mtima umamira m'choyeramo, m'mphepete mwake osaoneka n'komwe, ndiye njira yako yachiduleyo ithera pomwepo.

Usadalire chizindikiro chimodzi. Ine ndikatha chilembo ndi mtima ndimatsika pansi pa mapapo. Pali mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, umaoneka ngati timapiri tiwiri. Ka kumanja kwa wodwala kamakhala kokwererapo pang'ono, sentimita imodzi kapena awiri, ndipo pansi pake m'poyera chifukwa pali chiwindi. Pansi pa ka kumanzere nthawi zambiri pamakhala kachigamba kakuda, umenewo ndi mpweya wa m'chifu, umaoneka bwino munthu akajambulidwa ataima. Kenako ndimakwera pamwamba pa mtima, pali kachotupa kozungulira pafupi ndi fupa la msana, pamene mtsempha waukulu wa magazi umakhota. Nakonso kamakhala kumanzere kwa wodwala. Zitatuzi zikagwirizana ndi chilembo, ndimakhazikika.

A Nachisale, pa filimu ya bambo kaphiri kakumanja simukaona, kamira m'madzimo. Yang'anani mbali yakudayo.

Che Jali: Ine ndimadziwa kuti choyera ndiye chabwino, chakuda ndiye matenda. Mayi anga anawauza kuti mapapo ada chifukwa cha utsi wa nkhuni. Ndiye mwina phapo lowonongekalo ndi lakudalo, adokotalawo aonenso bwino.

Nesi wopuma: Ayi Che Jali, musamuonjezere mantha mwanayu. Pa ekisireyi mpweya umaoneka wakuda, ndiye phapo labwino ndi lakuda. Mafupa, mtima ndi madzi ndi zimene zimayera. Za utsizo ndi nkhani ina.

Iwe Nachisale, funsa. Ine ndagwira kuwodi zaka zambiri, gadiyani wofunsa mwaulemu sitinkamuda. Unene kuti, adokotala, ndimafuna ndimvetse, madziwa ali mbali iti pathupi pa bambo? Akusonyeze ndi chala pa nthiti, osati pafilimu. Ndiponso sangobaya potengera chithunzi chokha. Amayamba agogoda pachifuwa ndi zala, mbali ya madzi imalira mogontha pamene ya mpweya imalira ngati mulibe kanthu, n'kumvetsera mpweya, kumene kuli madzi sumveka bwino. Ngati pali sikani yoyendetsa pakhungu ija, amaonanso nayo pamalo pomwe akufuna kulowetsa singano. Uimirire pomwepo uone akuchita zimenezi.

Nachisale: Ndayang'ananso ndi tochi ya foni. Mbali yakuda, imene ili kudzanja langa lamanja, kuli chinthu choyera chachikulu chotsamira kumeneko, ndiye mtimawo eti? Pansi pake kachigamba kakuda kaja ndakaona. Koma chinthu china: R uja sali mkati mwa chithunzi, walembedwa ndi cholembera pamwamba pa filimu, ndikapaka ndi chala akuchita ngati afufutike. Komanso mchimwene wanga ali ku Joni ndamutumizira chithunzi, akuti kwa iye choyera chili kumanja.

Wojambula ekisireyi: Za achimwene anuwo, mwina munajambula filimu ili chakuseri, kapena munagwiritsa ntchito kamera yakutsogolo ya foni, imene pa mafoni ena imatembenuza chithunzi. Awuzeni ayang'ane mbali imene kuli R, kumeneko ndiye kumanja kwa bambo. Ndi chifukwa chake sindiweruza mbali pa zithunzi za pa WhatsApp.

Za cholembera zija ndiye nkhani yeniyeni. Chilembo chodalirika ndi kachitsulo ka mtovu kamene timamata pabolodi tisanajambule, kamatuluka koyera mkati mwa chithunzi ndipo sikafufutika. Cholembedwa pambuyo, kaya ndi dzanja kaya pakompyuta, chimadalira kukumbukira kwa munthu, ndipo ena amangoyang'ana kumene kuli mtima n'kulemba. Pa bambo sindikuda nkhawa kwambiri, chifukwa mtima, mpweya wa m'chifu, ululu wawo ndi mbali imene amagonera zonse zikuloza kumodzi. Komabe muwauze adokotala kuti chilembo ndi cha pamanja, ndipo muonetsetse kuti dzina ndi tsiku pafilimupo ndi za bambo. Mafilimu amasinthana m'maenvelopu kuwodi.

Mwana wa sukulu ya zaumoyo: Koma akulu, pa makina a kompyuta atsopanowa kachitsuloko kakufunikabe? Kumene ndikuphunzira ntchito amangodina L pasikirini, makina amadziwa okha.

Wojambula ekisireyi: Makina amadziwa zimene wawauza. Ukasankha PA pamene wodwala wamujambula AP, chithunzi chikhoza kutuluka chotembenuka, iwe n'kudina L mbali yolakwika mtima uli phee. Ine kanga ndimayenda nako m'thumba.

Nesi wopuma: Tizitsulo timeneto timasowa sabata yomwe tabwera, bambo. Mukunena za chipatala cha m'buku.

Nachisale: Dzina ndi la bambo, tsiku ndi ladzulo. Za chilembo ndifunsa pa raundi ya m'mawa. Nanga akapopa madziwo choyeracho chichoka tsiku lomwelo, kapena ajambulanso?