Kodi satifiketi yeniyeni imathanso ntchito?

Abale, ndithandizeni maganizo. Yunivesite ina yakunja yabweza satifiketi yanga ya mayeso a Chingerezi a IELTS, chonsecho si yachinyengo. Nambala yake aitsimikiza okha kuti ndi yoona. Akuti zotsatira za mayesowa amazilandira kwa zaka 2 zokha, poti Chingerezi cha munthu chimatha kuzilala, ndipo zanga zadutsa ndi miyezi yochepa. Izi ndikuzimvetsa, ngakhale zikuwawa. Chandizunguza mutu n'chachiwiri: ndinalemba IELTS ya mtundu wa General Training pomwe iwo akufuna ya Academic, komanso 6.0 pagawo lililonse. Ine ndinapeza 6.5 zonse pamodzi, koma 5.5 pa kulemba. Ndiye kuti ikanakhala yatsopano akanaikanabe? Alipo amene anamulandira ndi kalata yosonyeza kuti digiri yake anaphunzira m'Chingerezi, kapena ndingolembanso basi?