Madzi m'chifuwa, malungo sakutsika: tiike chubu kapena tidikire?

Kiliniko ofesa: Mabwana thandizeni maganizo. Bambo wazaka 38, chibayo, ali pa seftriyakisoni tsiku lachisanu koma thupi likadali 39, ekisire ikuonetsa madzi kumanzere pafupifupi theka. Ndapopa ndi sirinji atuluka achikasu koma a mbuu, si mafinya enieni ayi. Makina a pH kuno tilibe. Ndionjezere jentamaisini ndidikire kaye?

Wa kuwodi ya amayi: Ngati si mafinya musamuboole munthu achimwene. Komanso kwathu kuno madzi otere nthawi zambiri ndi TB, tumizani ku GeneXpert basi

Dokotala wamkulu: TB tiiganizire inde, yezaninso HIV ndi makhololo, koma GeneXpert ya madzi a m'chifuwa imaphonya kwambiri ndiye ikatuluka negetivu musati mwathana nazo. Zodikira mafinya ndiye ndikukana. Pofika poti mafinya akuoneka ndi maso madziwo amakhala agawikana kale timatumba timatumba ndipo chubu chimodzi sichikoka onse. Popanda pH yezani shuga wa madziwo kulabu, akakhala pansi pa 3.3 ndiye kuti tizilombo tikudya shugayo mkatimo, chubu chilowe lero. Olo atakwera pang'ono, madzi ofika theka, a mbuu, malungo masiku asanu ali pa mankhwala, ine ndikanaika ndithu.

Kiliniko ofesa: Labu yati 1.9. Maselo ambiri manyutirofilo

Dokotala wamkulu: Ndiye ikani. TB nayonso imatsitsa shuga koma imakonda malimfosaiti. Jentayo musiyeni, salowa bwino mmenemo ndipo malo a asidi ngati amenewo sagwira ntchito, mungomuonongera impso bambowa. Chikusowa ndi mankhwala a tizilombo tosafuna mpweya tija tochokera mkamwa. Seftriyakisoni 2 galamu kamodzi patsiku apitirire, onjezani metironidazo 500 mg katatu patsiku. Akatsika thupi mupita ku akumwa koma onse pamodzi ndi masabata, awiri mpaka 6 malinga ndi mmene akuchirira, osati masiku 7 aja a chibayo wamba.

Anesi: Ine pempho langa madokotala, mukaika chubu mulembe zotsuka. Wathu wina madzi anasiya kutuluka tsiku lachiwiri anthu nkumati wachira, chikhalirecho chubu chatsekeka, madzi a mu botolo sankagwedezeka nkomwe akamapuma

Dokotala wamkulu: Zoona amayi. Chikakhala chaching'ono salaini 30 ml maola 6 aliwonse. Pakatha masiku 5 mpaka 7 malungo alipobe ndipo sikani ikuonetsa madzi otsalira, mutumizeni kusentulo akamuone a opaleshoni.

Wa kuwodi ya amayi: Nanga labu ikatseka usiku, kamakina koyezera shuga pachala kaja sikangathandize? Ine ndimagwiritsa ntchito

Dokotala wamkulu: Kanapangidwira magazi kamene kaja, pokha sindingabooletse munthu chifukwa cha iko.

Wa kuwodi ya amayi: Mmm koma kakalemba 1.5 bwana mudikira mpaka mawa?

Kiliniko ofesa: Pitirizani mkanganowo, ine ndapeza chubu cha saizi 24 chokha, ndikupita naye ku fiyeta