Ntchito ziwiri za Chisomo ndi thumba la banja

Gulu: Banja la kwa Agogo, ku Joni

Chisomo: Mwaswera bwanji nonse. Makalata onse awiri a ntchito afika. Ku Kempton Park akuti R19,500 yonse pamodzi, angodulapo msonkho ndi UIF. Ku City Deep basiki ndi R18,000 koma kuli pulovidenti yosungira ndalama za ukalamba ndi medikolo yolipirira chipatala. Akufuna yankho Lachisanu.

Amalume Frackson: Tenga ya 19,500. Ndalama ndi imene ili m'manja.

Thoko: Tisanapite patali, za thumba mwezi uno apereka anthu anayi okha mwa anthu naini. Malata a nyumba ya agogo sadikira mvula.

Azakhali Esnart: Chisomo mwanawe, ndijambulire tsamba lolemba za pulovidenti. Ndimapanga malipiro a anthu tsiku ndi tsiku, nambala ya pamwamba ija imapusitsa.

Chisomo: Natumiza azakhali. Ine azindidula 7.5%, kampani iziwonjezera 7.5%. Medikolo ndi R2,200 pa mwezi, iwo theka ine theka.

Azakhali Esnart: Chabwino. 7.5% ya 18,000 ndi R1,350. Ndiye kampani ikukupatsa 18,000, kuwonjezera 1,350 ya pulovidenti, kuwonjezera 1,100 ya medikolo. Zonse ndi R20,450. Ya ku City Deep ikuposa inayo ndi R950, kungoti siyonse ikudutsa m'manja mwako.

Amalume Frackson: Ndiye ilowe mu akaunti ndi zingati?

Azakhali Esnart: Akadula zonse ndi msonkho womwe, pafupifupi R14,000. Ku Kempton Park pafupifupi R17,250.

Amalume Frackson: Mwaona! Kusiyana kupitirira 3,000 mwezi uliwonse. Renti ya ku Rosettenville ilipiridwa ndi pulovidenti? Ndalama ndi imene ili m'manja.

Azakhali Esnart: Achimwene, pa 3,000 imeneyo akagula yekha medikolo ya R2,200 yatsala zingati? Ndipo sanasunge kalikonse. Ku City Deep mwezi uliwonse R2,700 ikulowa m'dzina lake, pa chaka ndi R32,400, ngakhale amachotsapo pang'ono za inshuwalansi ndi zoyendetsera thumbalo.

Yamikani: Koma UIF si penshoni yomweyo? Ine amandidula mwezi ndi mwezi.

Azakhali Esnart: Ayi Yami. UIF ndi yokuthandiza miyezi ingapo ntchito ikatha, ukadwala nthawi yaitali kapena ukapita kukachira. Ukasiya wekha ntchito sakupatsa. Amadula 1% kwa iwe, bwana 1%, ndipo amawerengera mpaka malipiro a R17,712 basi. Ndiye Chisomo konse kuwiri azidulidwa R177.12. Pamenepo ntchito ziwirizi sizikusiyana, tisatayepo nthawi.

Mlamu Grace: Nanga ija ya okalamba ya SASSA?

Azakhali Esnart: Imeneyo ndi ya nzika, a pemanenti ndi othawa kwawo ovomerezeka, kuyambira zaka 60. Amene ali pa pemiti ya ntchito ngati Chisomo asaiwerengere n'komwe. Ukalamba wake ndi zomwe asunge yekha.

Thoko: A Limbani mwawerenga uthenga wanga, zikuoneka kuno. Mwezi wachitatu uno.

Yamikani: Anandiuza kuti atumiza Loweruka.

Thoko: Loweruka liti?

Mlamu Grace: Kodi basi ya katundu inyamuka liti ku Park Station? Ndili ndi mabulangete a amayi.

Yamikani: Lachiwiri alamu. Mumange bwino, ulendo wathawu chikwama china chinang'ambika pa Mwanza.

Amalume Frackson: Ine funso langa ndi limodzi. Mwanayu akadzabwerera ku Ntcheu ndalamayo adzaitenga bwanji? Ine ndinadulidwa zaka zinayi pa kampani ya ulonda ija, tsiku lochoka akuti m'thumba mulibe kanthu. Peyisilipi iliyonse inkalemba kuti adula. Ndinayenda mpaka nsapato kutha.

Azakhali Esnart: Zimene zinakuchitikirani ndi zoona achimwene, ndipo zikuchitikirabe ambiri. Bwana amadula koma osapereka ku thumba. Lamulo limati apereke pasanathe masiku 7 mwezi ukatha. Ndiye Chisomo, usamangokhulupirira peyisilipi. Funsa dzina la thumbalo ndi nambala yako ya umembala, pakatha miyezi itatu uwaimbire wekha akupatse sitetimenti. Ikapanda kugwirizana ndi peyisilipi, pali ofesi ya Pension Funds Adjudicator, kudandaula kumeneko n'kwaulere.

Chisomo: Nanga zotenga ndikamapita kumudzi?

Azakhali Esnart: Apa mvetsetsa, chifukwa malamulo anasintha pa 1 Sepitembala 2024. Ndalama yolowa tsopano amaigawa pawiri. Pa R2,700 yako, R900 ipita ku mphika woti utha kutapamo kamodzi pa chaka cha msonkho, kuyambira R2,000 kupita m'mwamba, ndipo bungwe la msonkho la SARS limadulapo msonkho. R1,800 yotsalayo ipita ku mphika wotseka. Umenewo ngakhale usiye ntchito sautsegula, umadikira nthawi yopuma. Ukabwerera kumudzi kotheratu njira ilipo: ukatha zaka zitatu zotsatizana usali m'kaundula wa okhala kuno pa za msonkho, utha kuitenga. Koma pamafunika mapepala, ndiye nambala ya msonkho, pasipoti yakale ndi mapemiti usataye ngakhale limodzi.

Amalume Frackson: Zaka zitatu! Ndalama yako yomwe. Ine ndanena kale, imene ili m'manja.

Mlamu Grace: Amalume, paja chaka chatha titanyamula malemu kupita nawo kumudzi, ya m'manja ija sinaoneke. Tinasonkha ndife ochepa. Sindikutchula munthu.

Thoko: Ndipo ena ngongole yake sanamalize.

Yamikani: Tiyeni tisabwerere kumeneko chonde.

Azakhali Esnart: Koma mlamu wakumbutsa chinthu. Chisomo, yang'ana ngati pulovidentiyo ili ndi inshuwalansi ya imfa ndi ya maliro, ndipo ufunse mwachindunji ngati amanyamula thupi kudutsa malire. Ambiri amalekeza m'dziko momwe muno.

Chisomo: Palembedwa kuti malipiro a zaka ziwiri munthu akamwalira ali pa ntchito. Za kunyamula sanalembe, ndifunsa mawa.

Azakhali Esnart: Ufunsenso ziwiri za medikolo. Choyamba, kodi ndi sikimu yeniyeni yolembetsedwa ku Council for Medical Schemes kapena ndi kainshuwalansi kongokupatsa ndalama pa tsiku lomwe wagona m'chipatala? Sikimu yeniyeni imakakamizidwa ndi lamulo kulipira za ngozi ndi matenda ena okhalitsa, mphumu yako ili m'gulu limenelo. Chachiwiri, nthawi yodikira. Munthu woyamba kumene atha kumuuza kuti miyezi 3 osagwiritsa ntchito, ndi miyezi 12 pa matenda amene walowa nawo. Masikimu ena amachotsa zimenezi ukalowa kudzera ku kampani. Akulembere pa pepala. Mphumuyo usabise pa fomu, akadzazindukira amatha kukuchotsa.

Chisomo: Mwezi wa Juni ndinalipira R1,600 kwa dokotala ndi mankhwala opopera aja. Ndiye ndikuona kuti City Deep.

Amalume Frackson: Ndiye R500 ya thumba uzikwanitsa pa 14,000?

Chisomo: Sindinaphonyepo amalume, ngakhale nthawi imene ndinali pa maganyu.

Thoko: Zoona, buku lili ndi ine. Ena mwa otsala ndi a Limbani, a Yamikani theka, ndi inu amalume miyezi iwiri.

Amalume Frackson: Yanga ibwera pa 25.

Azakhali Esnart: Chisomo, usasaine mawa. Uyambe wamva za miyezi yodikira ndi dzina la thumba, unditumizire ndione.

Chisomo: Chabwino azakhali, ndiwaimbira 8 koloko.

Mlamu Grace: Yami, mabulangete aja ndibweretse kwanu kapena ku basi konko?